Kulumikiza kontirola yodzipangira ku sipika ya Echo kuti nyali izimvera mawu

Kontirola yanu simva mawu, ndipo siyenera kuwamva. Chomva ndi sipika. Mukati "Alexa, turn on shelf lamp", sipika ya Echo imatumiza mawuwo pa intaneti kupita ku makompyuta a Amazon, kumeneko amawamasulira, ndipo yankho limabwerera ku sipika. Kenako sipikayo imatuma kauthenga kafupi kudzera pa rauta ya m'nyumba kupita ku kontirola, koti yatsa, zimitsa kapena chepetsa kuwala. Ntchito yanu yonse ndi yoti kontirola ipezedwe ndi sipika, ndiponso izimvetsa kauthengako.

Njira yachidule yochitira zimenezi ndi yoti kontirola idzionetse ngati nyali ya Philips Hue. Masipika a Echo amadziwa kale kufufuza nyali zoterezi pa netiweki ya m'nyumba popanda kulembetsa kulikonse, ndiye laibulale yotchedwa Espalexa imachititsa bolodi ya kontirola yanu kuyankha monga momwe nyalizo zimayankhira. Muno tipanga kontirola ya lamba wa maledi wa 12 V, woti uziyaka, uzizima komanso uzichepa kuwala ndi mawu, ndipo tiwonjezera batani la pamanja. Tasankha 12 V mwadala. Magetsi a pakhoma amapha, ndipo munthu amene akusakasaka vuto la netiweki amagwiragwira bolodi mosaganizira.

Dziwiranitu kuti njirayi ndi ya Echo yokha. Masipika a Google safufuza zipangizo mwa mtundu umenewu. Kwa iwo mungafunike kudutsira pa seva ya pa intaneti monga Sinric Pro, ndipo pulogalamu yake ndi ina.

Zipangizo

Bolodi ndi NodeMCU ya ESP8266. Lamba ndi wa mtundu wa 3528, wa maledi 60 pa mita, wotalika mamita 5. Lamba woterewu amadya mawati 4.8 pa mita, ndiye wonse ndi mawati 24, omwe pa 12 V ndi maampu 2. Pezani adaputala ya 12 V yotulutsa maampu 3, kuti itsale ndi mpata wodyetsa bolodi komanso isamagwire ntchito ili pa malire ake. Ngati lamba wanu ndi wa 5050, werengeraninso, chifukwa umenewo umadya mawati 14.4 pa mita, ndipo mamita 5 akufuna maampu 6.

Pakufunikanso mosifeti ya IRLB8721, yomwe ndi thiranzisita yotsegula ndi kutseka magetsi a lamba, rezisita ya 100 Ω, rezisita ya 10 kΩ, kabolodi kotsitsa mavoliti ka LM2596, kapasita ya 470 µF ya mavoliti 10 kapena kuposa, batani lodina, malitimita, ndi waya wa 0.75 mm² wa mbali ya lamba.

Pa mosifeti ndi pomwe ambiri amagula chosayenera. Pini ya ESP8266 imatulutsa 3.3 V basi. IRLB8721 imayamba kutseguka pakati pa 1.35 ndi 2.35 V, choncho 3.3 V imaitsegula mokwanira kudutsitsa maampu 2 osatentha. IRF520 ndi IRF540 zimaoneka chimodzimodzi ndipo zimapezeka mosavuta, koma zinapangidwa kuti zizitsegulidwa ndi 10 V, ndipo zina mwa izo siziyamba n'komwe kutseguka mpaka 4 V. Mukaika imodzi mwa zimenezi lamba umayaka mofooka, mosifeti n'kutentha moti simungaigwire. Munthu amatha kutaya nthawi akusintha pulogalamu pomwe vuto lili pa nambala yolembedwa pa mosifeti.

Gawo loyamba: kulumikiza mawaya

Yambani ndi LM2596 yokha, bolodi isanalumikizidwe. Ikani 12 V pa IN+ ndi IN−, muyeze pa OUT+ ndi OUT−, kenako muzungulize kasikuluwu ka pamwamba mobwerera mpaka malitimita iwerenge 5.0 V. Kasikuluwuka kamafuna kuzungulizidwa kambirimbiri mavoliti asanayambe kutsika, ndiye musafulumire kuganiza kuti kabolodiko n'kakufa. Kamabwera kuchokera kogula katachunidwa pa mlingo uliwonse, ndipo mukalumikiza NodeMCU musanayeze mukhoza kuipatsa pafupifupi 12 V yonse.

Ena amalumikiza 12 V mwachindunji ku VIN poona kuti bolodi ili ndi chotsitsira mavoliti chakechake. Chotsitsira chimenecho chimasandutsa mavoliti otsalawo kukhala kutentha. Kuchokera pa 12 kufika pa 3.3 ndi mavoliti 8.7, ndipo pa maampu 0.08 amene bolodi imadya nthawi zambiri, ndi mawati 0.7 otenthera pa kanthu kakang'ono kosaposa chikhadabo. Kadzagwira ntchito kwa kanthawi, koma nyali imene izikhala yolumikizidwa usana ndi usiku siyenera kudalira zimenezo.

Tsopano gwirani mosifeti zolemba zake zikuyang'ana kwa inu, miyendo ili pansi. Wa kumanzere ndi G, wa pakati ndi D, wa kumanja ndi S. Lumikizani motere. Pulasi ya adaputala ipite ku pulasi ya lamba komanso ku IN+. Mayinasi ya lamba ipite ku D. Mwendo wa S upite ku mayinasi ya adaputala. Kuchokera pa pini ya D1 ya bolodi, dutsitsani rezisita ya 100 Ω kupita ku G, ndipo rezisita ya 10 kΩ ikhale pakati pa G ndi S. OUT+ ipite ku VIN, OUT− ku GND, kapasita ikhale pakati pa VIN ndi GND pafupi ndi bolodi, mwendo wa mzere woyera uli ku GND. Batani likhale pakati pa D2 ndi GND.

GND ya bolodi ndi S ya mosifeti ziyenera kukumana. Mosifeti imayang'ana kusiyana kwa mavoliti pakati pa G ndi S, ndiye ngati mayinasi a mbali ziwirizi sakugwirizana, 3.3 V ya bolodi ilibe poyezera ndipo lamba umaphethira mwachisawawa kapena suyaka. Rezisita ya 10 kΩ nayo ili ndi ntchito yake. Bolodi ikamadzuka, kwa kamphindi pini ya D1 sikhala ikulamulidwa, ndipo popanda rezisitayi mosifeti imatha kutseguka yokha, lamba n'kuthwanima nthawi iliyonse magetsi akabwera.

Tasankha D1 ndi D2 chifukwa D3, D4 ndi D8 ndi mapini amene ESP8266 imawerenga podzuka kuti idziwe ngati iyambe pulogalamu kapena idikire kulembedwa. Rezisita yokokera pansi pa D3 kapena D4 imachititsa bolodi kukana kudzuka. Ndipo maampu 2 a lamba asadutse pa bolodi yoyesererapo ya timabowo, chifukwa tizitsulo take n'topyapyala. Wotchererani mbali imeneyo kapena gwiritsani ntchito zolumikizira za masikuluwu.

Musanalembe pulogalamu iliyonse, yesani mbali ya magetsiyi payokha. Chotsani waya wochokera ku D1 pa bolodi, muukhudzitse ku pini ya 3V3. Lamba uyake kwathunthu. Muuchotse, uzime. Muusiye woyaka kwa mphindi zisanu, ndipo mosifeti ikhale yofunda pang'ono chabe. Zikatero ndiye kuti vuto lililonse lotsatira silili ku mawaya.

Gawo lachiwiri: pulogalamu

Mu Arduino IDE, tsegulani Preferences ndipo pa Additional boards manager URLs ikani adilesi iyi:

```
https://arduino.esp8266.com/stable/package_esp8266com_index.json
```

Mu Boards Manager ikani esp8266, kenako sankhani NodeMCU 1.0 (ESP-12E Module). Mu Library Manager fufuzani Espalexa n'kuiika. Ngati kompyuta sikuona bolodi, yang'anani kaye chingwe, popeza zingwe zambiri za USB n'zochajira chabe ndipo zilibe mawaya a uthenga. Chingwe chikakhala chabwino, chotsalira ndi dalaivala ya CH340 kapena CP2102, malinga ndi chipu chimene chili pafupi ndi polowetsera chingwe. Pamene bolodi ili pa USB, chotsani waya wa VIN kuti magetsi asachokere mbali ziwiri, koma GND ikhalebe yolumikizidwa.

Chigawo choyamba cha pulogalamu ndi ichi, ndipo m'malo mwa `dzina_la_netiweki` ndi `mawu_achinsinsi` mulembe za netiweki yanu:

```cpp
#include <ESP8266WiFi.h>
#include <Espalexa.h>

const char* NETIWEKI = "dzina_la_netiweki";
const char* CHINSINSI = "mawu_achinsinsi";
const uint8_t LAMBA = D1, BATANI = D2;

Espalexa espalexa;
EspalexaDevice* nyali;

void walitsa(uint8_t mlingo) {
  uint16_t p = mlingo * mlingo / 255;
  if (mlingo > 0 && p == 0) p = 1;
  analogWrite(LAMBA, p);
  Serial.println(mlingo);
}
```

Lamulo likafika kuchokera ku sipika, Espalexa imaitana `walitsa` n'kuipatsa nambala ya pakati pa 0 ndi 255. Ziro ndi kuzimitsa, 255 ndi kuwala konse. Mukati nyali ikhale pa 50 peresenti, pamabwera nambala ya pafupifupi 128.

Nambalayo sitikuitumiza ku pini mmene yabwerera, ndipo chifukwa chake chili m'maso mwa munthu. Diso limazindikira msanga kusintha kwa kuwala kochepa, koma kuwala kukakhala kochuluka silisiyanitsa bwino. Lamba wopatsidwa theka la mphamvu umaoneka ngati watsala pang'ono kufika pa mapeto, moti munthu amene wanena 50 peresenti amaganiza kuti lamulo silinamveke. Tikachulukitsa nambala ndi iyo yomwe n'kugawa ndi 255, 128 imasanduka 64, ndipo imeneyo ndiyo imaoneka ngati theka. Koma masamuwa ali ndi msampha kumunsi. Nambala iliyonse yochepera 16 imatuluka 0, kutanthauza kuti pa 5 peresenti lamba ukanazimiratu pomwe foni ikusonyeza kuti ukuyaka. Mzere wa `if` ndi umene ukutseka msampha umenewu.

Chigawo chachiwiri:

```cpp
void setup() {
  Serial.begin(115200);
  pinMode(LAMBA, OUTPUT);
  pinMode(BATANI, INPUT_PULLUP);
  analogWriteRange(255);
  WiFi.mode(WIFI_STA);
  WiFi.setSleepMode(WIFI_NONE_SLEEP);
  WiFi.begin(NETIWEKI, CHINSINSI);
  while (WiFi.status() != WL_CONNECTED) {
    delay(250);
    if (millis() > 60000) ESP.restart();
  }
  Serial.println(WiFi.localIP());
  nyali = new EspalexaDevice("shelf lamp", walitsa);
  espalexa.addDevice(nyali);
  espalexa.begin();
}
```

Mizere itatu ikufuna kufotokozedwa. `analogWriteRange(255)` ilipo chifukwa mapulogalamu a esp8266 akale, asanafike pa 3.0, ankawerenga kuyambira 0 mpaka 1023, ndipo pamenepo 255 inkangopereka gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala. Tikalemba mzerewu sizikhalanso ndi kanthu kuti mwaika mtundu uti. `WIFI_NONE_SLEEP` imaletsa wailesi ya bolodi kugonagona posunga mphamvu, chifukwa uthenga wofufuza umene sipika imatuma sudikira, ndipo ukapeza bolodi ikugona ukhoza kuiphonya. Pomaliza, `espalexa.begin()` iyenera kubwera bolodi italowa kale pa netiweki, popeza imafunika adilesi ya bolodi kuti iyambe kumvetsera. Kudikira kwa masekondi 60 n'kwa nthawi imene magetsi azima n'kubweranso: bolodi imadzuka m'kanthawi kochepa, pomwe rauta imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri.

Chigawo chachitatu:

```cpp
void loop() {
  espalexa.loop();
  static bool kale = HIGH;
  static uint32_t nthawi = 0;
  bool pano = digitalRead(BATANI);
  if (pano != kale && millis() - nthawi > 50) {
    nthawi = millis();
    kale = pano;
    if (pano == LOW) {
      nyali->setValue(nyali->getValue() ? 0 : nyali->getLastValue());
      walitsa(nyali->getValue());
    }
  }
  delay(1);
}
```

Batani silikungoyatsa lamba. Likudutsira pa `setValue` kuti Espalexa idziwe kuti zinthu zasintha, ndipo sipika ikadzafunsa ipatsidwe zoona. Mukalumpha mzerewo, foni izisonyeza kuti nyali ndi yozima iyo ikuyaka. Koma `setValue` payokha sikhudza pini, n'chifukwa chake tikuitananso `walitsa`. Mamilisekondi 50 aja ndi oti tizitsulo ta m'batani tileke kunjenjemera, apo ayi kudina kumodzi kumawerengedwa kangapo.

Chinthu chimodzi chisalowe mu `loop`, ndicho `delay` yaitali. Nthawi yonse imene pulogalamu yaima pa `delay(5000)`, `espalexa.loop()` sikuitanidwa, sipika imadikira yankho mpaka kutopa, n'kunena kuti chipangizo sichikuyankha. N'chimodzimodzi m'kati mwa `walitsa`. Ngati mukufuna kuti kuwala kuzikwera pang'onopang'ono, sungani mlingo umene mukufuna kufikapo, ndipo muzisuntha ndi nambala imodzi pa mamilisekondi angapo m'kati mwa `loop` pogwiritsa ntchito `millis()`.

Gawo lachitatu: kuyesa netiweki musanalankhule

Lembani pulogalamu pa bolodi, tsegulani Serial Monitor pa 115200, ndipo muone adilesi imene yatuluka. Tinene kuti ndi 192.168.1.50. Dinani batani kangapo. Lamba uziyaka ndi kuzima, ndipo pa sikirini pazituluka 255 ndi 0. Ngati adilesi sikutuluka ndipo bolodi ikungoyambiranso mphindi iliyonse, mwina mawu achinsinsi alakwika, kapena mwaipatsa dzina la netiweki ya 5 GHz. ESP8266 imamva 2.4 GHz yokha.

Kenako, pa foni imene ili pa netiweki yomweyo, tsegulani masamba awiri awa:

```
http://192.168.1.50/espalexa
http://192.168.1.50/description.xml
```

Loyamba limaonetsa moni wa Espalexa ndi mlingo umene nyali ili. Lachiwiri ndi limene sipika imawerenga pofuna kudziwa kuti yapeza chipangizo chanji, ndipo mudzaonamo dzina la Philips hue. Masamba awiriwa akatseguka, bolodi yachita mbali yake. Akakana kutseguka musavutike n'kulankhula ndi sipika, chifukwa chimene foni yalephera kufikira, sipikanso sichifikira.

Pa nthawi yomweyi lowani mu rauta, mupite pa DHCP, mumangirire adilesi imeneyi ku nambala ya MAC ya bolodi kuti isamasinthe. Sipika imakumbukira adilesi imene inapezerapo nyali. Rauta ikadzapereka ina magetsi atazima n'kubwera, malamulo amapita ku adilesi yakale, ndipo nyali imene dzulo inkamvera lero imangokhala chete.

Gawo lachinayi: kuuza sipika ifufuze

Nenani kuti "Alexa, discover devices" ndipo dikirani mpaka masekondi 45. Chimene chikuchitika ndi ichi. Sipika imaponya funso limodzi kwa zipangizo zonse za pa netiweki, kudzera pa adilesi ya gulu ya 239.255.255.250, khomo 1900. Bolodi ikalimva imayankha ndi adilesi yake, sipika n'kukawerenga tsamba lija la `description.xml` pa khomo 80, kenako n'kupempha mndandanda wa nyali. Ikapeza shelf lamp imaiwonjezera m'pulogalamu ya Alexa ya pa foni. Ulendo woyamba ukalephera bwerezani kawiri kapena katatu, chifukwa uthenga wa gulu ulibe chitsimikizo choti wafika.

Ikapezeka, yesani malamulo atatu motsatana, maso ali pa Serial Monitor:

```
Alexa, turn on shelf lamp
Alexa, set shelf lamp to 30 percent
Alexa, turn off shelf lamp
```

Muyenera kuona 255, kenako nambala ya pafupifupi 77, kenako 0. Mukayatsanso, nyali ibwerera pa 77, osati pa 255, chifukwa Espalexa imasunga mlingo womaliza. Bolodi ikazima n'kudzukanso imaiwala mlingowo, ndipo mukayatsa koyamba nyali imabwera pa kuwala konse.

Sipika ikalephera kupeza nyali

Apa ndi pomwe ntchitoyi imakonda kuimira, ndipo ngati masamba awiri aja akutseguka, wolakwa kawirikawiri ndi rauta. Funso la gulu lija silidutsa malire a netiweki imodzi. Yang'anani mu mndandanda wa zipangizo pa rauta kuti muone adilesi ya sipika, n'kuiyerekeza ndi ya bolodi. Ngati bolodi ili pa 192.168.1.50 ndipo sipika ili pa 192.168.0.23, ndiye kuti zili pa manetiweki awiri osiyana, ngakhale zonse zikulowa pa intaneti bwinobwino. Zimachitika m'nyumba mukakhala rauta yachiwiri yowonjezera mtunda imene ikugawa maadilesi akeake. Ikani zonse pa rauta imodzi, kapena sinthani yachiwiriyo kuti ikhale pa Access Point mode.

Manambala atatu oyambirira akakhala ofanana, fufuzani chosankha chotchedwa AP isolation kapena Client isolation n'kuchizimitsa, popeza ntchito yake ndi kuletsa zipangizo kulankhulana. Netiweki ya alendo nthawi zambiri imakhala nacho choyatsa, ndiye bolodi kapena sipika zisakhale kumeneko. Marauta ena amasefa mauthenga a gulu kudzera pa IGMP snooping, ndipo kusintha chosankha chimenechi n'kuyesanso kumathandiza. Kuti sipika ili pa 5 GHz ndipo bolodi pa 2.4 GHz si vuto pakokha, bola rauta ikhale ikulumikiza mbali ziwirizo. Njira yodziwira msanga ndi kusamutsira sipika pa 2.4 GHz kwa kanthawi. Ikapeza nyali pamenepo, mwadziwa kuti rauta sikuolotsa uthenga wa gulu.

Ngati pulogalamu yanu ili ndi tsamba lake la pa intaneti, onetsetsani kuti simunatsegule seva ina pa khomo 80. Espalexa imafuna khomo limenelo, ndipo maseva awiri sangakhale pa khomo limodzi. Laibulaleyi imalola kuti muipatse seva yanu kuti zigawane, ndipo chitsanzo chake chili mu Examples. Zonsezi zikalephera, zulani sipika pa magetsi, muibwezeretse, mufufuzenso.

Nyali yapezeka koma sikumvera

Serial Monitor ndi imene ikuuzani kumene muyang'ane. Nambala ikatuluka koma lamba osasintha, bwererani ku mawaya, makamaka GND ndi mwendo wa G. Nambala ikapanda kutuluka, lamulo silinafike, ndipo pali zifukwa ziwiri. Sipika ikanena kuti chipangizo sichikuyankha, ndiye kuti yamva dzina koma bolodi sinapezeke: adilesi yasintha, pulogalamu yaima pa `delay`, kapena bolodi ikuyambiranso. Yang'anani nthawi imene bolodi yakhala ili maso, yomwe imalembedwa pa tsamba la `/espalexa`. Ikamabwerera ku ziro kawirikawiri, magetsi akuchepa. Wailesi ya ESP8266 potumiza uthenga imakoka mwadzidzidzi maampu ofika cha m'ma 0.3, ndipo adaputala yofooka imene lamba waitopetsa kale imagwa pa nthawi yomweyo. Chizindikiro chake n'chakuti bolodi imayambiranso mukangoyatsa lamba pa 100 peresenti, koma pa 20 imakhala bwino.

Sipika ikanena kuti sikudziwa chipangizo cha dzina limenelo, kapena ikafunsa kuti mukunena chiti, vuto ndi dzina. M'pulogalamu ya Alexa pitani pa Activity, kenako Voice History, ndipo mudzaona mawu anu monga momwe anamvekera. Zimenezi zimathetsa kuganizira. Dzina labwino ndi la mawu awiri afupiafupi a chilankhulo chimene sipika yaikidwa, osafanana ndi dzina la chipinda kapena la nyali ina. Dzina loti light lokha limasokonezeka ndi malamulo okhudza nyali zonse. Alexa sadziwa Chichewa, choncho dzina ngati nyali amalimva ngati mawu ena a chilankhulo chake, ndipo sawamva mofanana nthawi zonse. Amene akufunitsitsa mawu akeake akhoza kuona mmene alembedwera mu Voice History atawanena kangapo, ndipo ngati akutuluka chimodzimodzi, awalembe choncho mu Routines n'kuwamangirira ku nyaliyo.

Mukasintha dzina m'pulogalamu ya pa bolodi, sipika sidziwa yokha. Fufutani chipangizo chakale pa Devices, kenako fufuzaninso. Chenjeraninso powonjezera nyali yachiwiri. Espalexa imazindikiritsa nyali iliyonse ndi nambala ya MAC ya bolodi pamodzi ndi malo ake pa mndandanda wa `addDevice`. Mukaika yatsopano pamwamba pa yakale, malowo amasinthana, ndipo lamulo la nyali imodzi limayatsa inzake. Zatsopano ziziikidwa pansi nthawi zonse. Malire ake ndi zipangizo 10 pa bolodi imodzi, pokhapokha mutakweza `ESPALEXA_MAXDEVICES` musanalembe mzere wa `#include`.

Malire a njirayi

Ngakhale lamulo lomaliza limayenda m'nyumba momwemo, intaneti ikaduka mawu sagwira ntchito, chifukwa omasulira ali kunja. N'chifukwa chake batani lija si lokongoletsera. Komanso njirayi si yovomerezeka ndi Amazon kapena Philips. Ikudalira kuti masipika apitirize kufufuza nyali mwa njira yakaleyi, ndipo kusintha kwa pulogalamu ya m'sipika kukhoza kuisokoneza popanda chenjezo.

Chofunika kwambiri n'chakuti bolodi sifunsa mawu achinsinsi. Aliyense amene ali pa netiweki yanu akhoza kuituma lamulo, ndipo aliyense amene mawu ake akufika pa sipika, ngakhale ali panja pa windo, akhoza kuyatsa. Pa lamba wa maledi zimenezi zilibe vuto. Pa loko wa chitseko, geti, chitofu kapena chotenthetsera madzi, musagwiritse ntchito njirayi, ndipo musatsegule khomo 80 la bolodi pa rauta kuti lizifikika kuchokera kunja.

Amene akufuna kuyatsa chipangizo cha magetsi a pakhoma akhoza kusiya pulogalamu ya mawu mmene ilili, n'kusintha `walitsa` kuti igwiritse ntchito `digitalWrite` m'malo mwa `analogWrite` poyendetsa rile, yomwe ndi switchi yodinidwa ndi magetsi. Rile isapatsidwe `analogWrite`, chifukwa iyo imayatsa ndi kuzimitsa pini ka 1000 pa sekondi, ndipo tizitsulo ta rile sitingatsatire liwiro limenelo. Koyilo ya rile ya 5 V imadya pafupifupi maampu 0.07 pomwe pini ya bolodi imapirira 0.012 yokha, ndiye pamafunika kabolodi ka rile kokhala ndi thiranzisita yake. Tambiri mwa timabolodi timeneti timayaka pini ikakhala LOW, choncho yesani kaye popanda kulumikiza chilichonse ku magetsi a pakhoma, ndipo mbali ya magetsi akuluwo ilumikizidwe ndi katswiri wa zamagetsi m'bokosi lotsekeka.